Kodi kulimbitsa minofu ya kumaso kungasinthedi masaya ndi nsagwada?

Ikani zala pa tsaya, m'munsi pang'ono mwa khutu pomwe nsagwada imapindikira, kenako lumani mano mwamphamvu. Mumva kanthu kakutumphuka n'kulimba pansi pa zalazo. Umenewo ndi mnofu wotafunira, womwe umakoka nsagwada ya m'munsi kuti mano akumane. Tsopano masulani mano, sunthirani zala pamwamba pa tsaya, pansi pa diso, ndipo mumwetulire kwambiri. Tsaya likwera ndithu, koma simumva cholimba ngati choyamba chija. Chomwe chakwera ndi mafuta ndi khungu, ndipo zakokedwa ndi timinofu topyapyala tomwe zala sizingathe kutigwira patokha.

Mavidiyo a masewero a kumaso omwe akuzungulira pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp muno mu Lilongwe amasakaniza ziwirizi ngati ndi chinthu chimodzi. Amati minofu ndi minofu basi: ngati mkono umakula ukamanyamula zitsulo ku jimu, nkhope nayo ikula ukamaigwiritsa ntchito. Mawuwa amamveka anzeru, ndipo muli kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake savuta kukhulupirira. Koma kuti tidziwe kuti kachoonadiko n'kakakulu bwanji, tiyenera kuona kaye chomwe chimapanga maonekedwe a nkhope.

Amene anaimapo pa akalipentala a ku Mchesi n'kuona sofa ikupangidwa amvetsa msanga. Pali matabwa, pali malamba omwe amamangidwa pa matabwawo, pali siponji, ndiye pamwamba pali nsalu. Nkhope nayo ili ndi fupa, minofu, mafuta ndi khungu. Sofa ikaphwa, kawirikawiri vuto limakhala siponji kapena nsalu yomwe yatamuka, ndipo kukunga malamba kumangothandiza pang'ono. Pa nkhope, kutalika kwa masaya ndi kukula kwa nsagwada zimachokera ku fupa lomwe munatengera kwa makolo. Kudzadza kwa masaya kumachokera ku mafuta, omwe amakhala m'timatumba tosiyanasiyana, tina pansi penipeni pa khungu, tina mkati pafupi ndi fupa. Munthu akamakula, timatumba ta mkati timaphwa, ta pamwamba timatsetserekera m'munsi, khungu limatha mphamvu yobwerera m'malo, ndipo fupa lenilenilo limachepa pang'onopang'ono mozungulira maso ndi m'nsagwada. Pa zinthu zinayi zimenezi, masewero a kumaso amakhudza chimodzi chokha.

Ndipo chimodzicho n'chachilendo. Mnofu wa pamkono umagwira fupa uku ndi fupa uko, ndiye ukaupatsa katundu wolemera umakakamizika kukula. Minofu yomwetulira, yotsinzinira ndi yokwinyira nkhope imayambira pa fupa n'kukathera m'khungu, ina imangolukana ndi inzake. Katundu wake ndi khungu basi. Mulibe chitsulo choti muipachike, ndipo kukankha ndi zala sikufika patali. Komanso minofu imeneyi siinagone tulo monga amanenera a m'mavidiyo. Mayi wogulitsa tomato ku msika wa Lizulu amaigwiritsa ntchito tsiku lonse poitanira malonda, poseka ndi potsutsana mitengo.

Pali china chomwe chimandiseketsa. Madokotala okonza maonekedwe akafuna kuchotsa makwinya a pachipumi amabaya botokisi, mankhwala omwe ntchito yake ndi kufooketsa mnofu kuti usiye kupinda khungu. Ndiye kuti mbali imodzi anthu akulipira ndalama zambiri kuti minofu ya kumaso ipume, mbali ina anthu akuikwinya kambirimbiri patsiku kuti aoneke achichepere. Makwinya a pachipumi ndi a m'mbali mwa maso amabwera chifukwa khungu lapindidwa pamalo amodzimodzi kwa zaka zambiri, choncho masewero okweza nsidze ndi otsinzinitsa maso ine sindingalimbikitse munthu.

Pa masaya nkhani yake ndi yosiyanako, chifukwa pali kafukufuku yemwe aliyense wogulitsa maphunziro a masewerowa amamutchula. Anachitika ku yunivesite ya Northwestern ku America, motsogozedwa ndi dokotala wa khungu Murad Alam, ndipo anatuluka mu 2018 m'magazini ya madokotala ya JAMA Dermatology. Anatenga amayi 27 a zaka za pakati pa 40 ndi 65 n'kuwaphunzitsa masewero 32. Amodzi mwa masewerowo ndi awa: mumatsegula pakamwa mozungulira, n'kuphimba mano a m'mwamba ndi mlomo, n'kumwetulira kuti masaya akwere, zala zili pamwamba pa masaya mopepuka, kenako mumatsitsa n'kukwezanso mobwerezabwereza. Amayiwo anauzidwa kuchita mphindi 30 tsiku lililonse kwa milungu 8, kenako kudumphitsa tsiku limodzi kwa milungu ina 12. Madokotala awiri a khungu anayang'ana zithunzi zawo n'kupereka mamalikisi pa zinthu 19 za kumaso, komanso kuyerekeza zaka za munthu aliyense.

Zotsatira zake n'zoti masaya, cham'mwamba ndi cham'munsi momwe, anaoneka odzadzako. Zaka zomwe madokotala ankayerekeza zinatsika kuchoka pa 50.8 kufika pa 48.1. Manambala awiriwa ndi omwe anazungulira dziko lonse, n'kumati nkhope imabwerera m'mbuyo zaka zitatu.

Zomwe sizinazungulire ndi izi. Mwa amayi 27 aja, omwe anafika kumapeto ndi 16 okha. Amene anasiyira panjira sitingawawerengere kumbali ya opambana, ndipo n'zodziwika kuti munthu amene sakuona phindu ndi amene amayamba kusiya. Panalibe gulu lina la amayi osachita masewero loti ayerekeze nalo, choncho palibe njira yosiyanitsira zomwe masewero anachita ndi zomwe zikanachitika mulimonse: wina wanenepako, wina wayamba kugona bwino, wina waphunzira kuimika nkhope pojambulidwa. Sanayeze kukula kwa minofu, anangoganiza kuti mwina ndiyo inakula n'kudzadza tsaya. Ndipo mwa zinthu 19 zija, ziwiri zokha za masaya ndi zomwe zinasintha modalirika. Nsagwada sinasinthe modalirika. Izi zisanachitike, mu 2014, akatswiri a ku yunivesite ya Ghent ku Belgium anasonkhanitsa kafukufuku yense yemwe analipo pa nkhaniyi. Anapeza 9, onse ang'onoang'ono, ndipo anagamula kuti umboni wake sukukwana kunena kuti masewerowa amabwezeretsa unyamata.

Tiyeni tiwerengenso nthawi. Milungu 8 ndi masiku 56, ndipo theka la ola tsiku lililonse likukwana maola 28. Milungu 12 yodumphitsa ndi maulendo 42, omwe ndi maola 21. Pamodzi maola 49 muli pagalasi. Ndiponso mnofu ukakula chifukwa cha ntchito umabwerera ukasiya ntchitoyo, ndiye si ngongole yoti mumalize kulipira. Maganizo anga ndi akuti mayi wa zaka za m'ma 40 kapena 50 amene masaya ayamba kuphwa pang'ono, ndipo ali ndi theka la ola loti aliwononge, atha kuyesa. Sizidya ndalama, ndipo masewero omwetulira savulaza. Koma ayembekezere kusintha komwe anzake a ku kwaya mwina sadzakuzindikira n'komwe.

Funso lomwe limathandiza kwambiri ndi lakuti: mwa zinthu zinayi zija, n'chiti chomwe chasintha pa nkhope yanga? Ndipereke chitsanzo cha alamu anga a ku Area 25, a zaka 47. Iwo anayamba masewerowa chifukwa masaya anali atalowa, makamaka la kumanzere, ndipo anthu ku tchalitchi anali atayamba kuwafunsa ngati akudwala. Inu mukudziwa mmene funso limenelo limapwetekera kwathu kuno. Atachita kwa miyezi ingapo osaona kanthu anandifunsa kuti, "Alamu, kodi ndikulakwitsa pati? Kapena ndiwonjezere nthawi?"

Tinayamba ndi sikelo. Chaka chathachi anawapeza ndi shuga, anachepetsa nsima ndi zakumwa zotsekemera, ndipo anatsika kuchoka pa makilogalamu 74 kufika pa 66. Kwa thanzi lawo imeneyi ndi nkhani yabwino, koma mafuta akamachoka m'thupi sapatula nkhope, ndipo pa msinkhu umenewo khungu silithamangira kubwerera. Izi zinafotokoza masaya onse awiri, koma osati chifukwa chomwe la kumanzere linalowa kwambiri. Nditawafunsa za mano anaseka, n'kunena kuti mbali imeneyo anazulitsa mano atatu otafunira zaka zapitazo, ndipo chiyambire amatafunira kumanja kokha. Apa ndiye panagona nkhani. Mano a kumbuyo amachirikiza tsaya kuchokera mkati. Akachoka, tsaya limalowa m'mpatamo, ndipo fupa lomwe linkagwira mizu yake limaphwa, makamaka m'miyezi yoyambirira. Mnofu wotafunira wa mbali yomwe sikugwira ntchito nawonso umachepa, pomwe wa mbali inayo ukulimbikira. Titawauza kuti alume mano ali ndi zala mbali zonse ziwiri, iwo eni anamva kuti kumanja kukutumphuka kwambiri kuposa kumanzere.

Pa zinthu zitatu zimenezi, mafuta, mano ndi fupa, palibe chomwe kumwetulira pagalasi kukanakonza. Chomwe chikanasintha tsaya la kumanzere ndi mano oikirira, omwe amabwezera mchirikizo uja n'kulola munthu kutafunira mbali zonse. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa mano. Ndimaona kuti kwathu kuno, komwe dzino likawawa ambiri timathamangira kukazulitsa m'malo momata, masaya ambiri olowa ndi nkhani ya mano kuposa ya ukalamba.

Palinso gulu lina lomwe ndimaliganizira ndikaona mavidiyowa. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwala oyamba anali ndi sitavudini, yemwe mwa anthu ena ankasungunula mafuta a m'masaya, m'mikono ndi m'miyendo. Dziko lino linasiya mankhwalawo pakati pa 2011 ndi 2013, koma mafuta omwe anachoka mwanjira imeneyi sabwerera msanga, ndipo kwa ambiri sabwerera onse. Munthu wotero akauzidwa kuti masaya ake adzadza akangolimbikira masewero, akunamizidwa, ndipo akalephera amadziona ngati waulesi pomwe vuto silinali minofu.

Tsopano nsagwada, komwe kuli anyamata. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 19, anagula kampira kolumira kwa ogulitsa zinthu pa intaneti, ndipo ankakatafuna m'minibasi popita kusukulu. Ankafuna mzere wakuthwa wochokera ku khutu kufika ku chibwano ngati wa osewera mafilimu. Apa mfundo ya ku jimu ija imagwiradi ntchito, chifukwa mnofu wotafunira ndi wochindikala, umagwira fupa ndi fupa, ndipo mpira umaupatsa katundu weniweni. Ukhoza kukula. Anthu omwe amakukuta mano kutulo kwa zaka zambiri ena amakhala nawo wotupa mooneka. Koma onani pomwe uli: m'mbali mwa nkhope, kutsogolo ndi m'munsi mwa khutu. Ukakula, nkhope imatambasuka cham'munsi n'kukhala ya makona anayi. Chibwano sichitalika, fupa silisuntha, ndipo pansi pa chibwano sipasintha. Ku South Korea ndi mayiko oyandikana nawo, anthu ambiri amabayitsa botokisi mu mnofu womwewu kuti uchepe, pofuna nkhope yowonda. Mtsikana amene akutafuna chingamu tsiku lonse kuti nkhope ichepe akupalasira kolakwika.

Mtengo wake umalipidwa ndi mfundo ya nsagwada, yomwe ili kutsogolo kwenikweni kwa khutu. Ikani chala pamenepo n'kutsegula pakamwa, muimva ikutsetsereka. Mkati mwake muli kachichereŵechereŵe kopyapyala komwe kamayenda limodzi ndi fupa. Podya nsima kapena ngakhale chimanga chokazinga, mfundoyi imagwira ntchito kwa mphindi zochepa n'kupuma. Mpira wolumidwa ndi mano akutsogolo kambirimbiri umaipanikiza mosalekeza, komanso umakankha mano omwe sanapangidwire katundu wotere. Mnyamata uja anadzabwera n'kunena kuti, "Ankolo, khutu likundiwawa koma kuchipatala akuti mulibe kanthu." M'khutumo munalibedi kanthu. Ululu unkachokera mu mfundo ija. Zizindikiro zake n'zosavuta kuzidziwa: kulira kwa "kha" potsegula pakamwa komwe kukubwera ndi ululu, mutu wowawa m'mbali cha pa litsipa, nsagwada yotopa podzuka m'mawa, mano onyerenyetsa mukamamwa madzi ozizira, kapena pakamwa pokana kutseguka bwino. Munthu wabwinobwino amatha kulowetsa zala zake zitatu zosanjikiza pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi. Ngati zikukanika, kapena nsagwada ikumakakamira, tayani mpirawo, idyani zofewa kwa milungu ingapo, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi a mano. Mnyamatayo atasiya, ululu unatha wokha.

Chomwe chimabisa mzere wa nsagwada mwa anthu ambiri ndi mafuta a pansi pa chibwano, ndipo apa masewero alibe mphamvu. Mnofu ukamagwira ntchito sudya mafuta omwe ali pamwamba pake. Umatenga mphamvu kuchokera m'magazi, ndipo thupi limachotsa mafuta komwe lafuna lokha, motengera mtundu wanu. Izi anaziyesa ngakhale pa mimba: mu 2011 ofufuza a ku America anapatsa anthu masewero a pamimba okhaokha kwa milungu 6, ndipo mafuta a pamimba sanachepe. Ngati minofu ikuluikulu ya pamimba inalephera, kamnofu ka pakhosi sikangathe. Munthu akatsika thupi lonse, nsagwada imaonekera, ndipo zithunzi zambiri za "kale ndi lero" zomwe mumaona ndi za anthu omwe anaonda, kapena anyamata omwe anangokula kuchoka pa zaka 15 kufika pa 20, nthawi yomwe nsagwada ya mwamuna imakula yokha. Ena chibwano chawo n'chachifupi chibadwire, moti ngakhale ataonda bwanji pansi pake pamaoneka podzadza. Limenelo ndi fupa.

Za kukanikiza lilime kumwamba kwa m'kamwa, zomwe anyamata akuzitcha myuwing'i potengera dzina la madokotala a mano a ku Britain, John Mew ndi mwana wake Mike Mew, sinditayapo nthawi yambiri. Mukakweza lilime, minofu ya pansi pa chibwano imakwera nalo, ndipo pa chithunzi pamaoneka pothina. Mukamasula zimabwerera. Mafupa a nkhope ya munthu wamkulu anagwirana kale, ndipo palibe kafukufuku wodalirika woonetsa kuti lilime lingawasunthe. Mike Mew anachotsedwa m'kaundula wa madokotala a mano ku Britain mu 2024.

Amene akufunabe kuyesa masewero a masaya ayese mwachilungamo, chifukwa foni imanama kwambiri. Mukajambula nkhope pafupi, zomwe zili kutsogolo zimakula ndipo za m'mbali zimachepa. Ofufuza ena mu 2018 anawerengera kuti chithunzi chojambulidwa pa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chojambulidwa pa mita imodzi ndi theka. Kuwala kochokera pamwamba kumaika mthunzi pansi pa nsagwada n'kuinola, pomwe kochokera kutsogolo kumaifafaniza. Kukankhira mutu kutsogolo pang'ono kokha kumachotsa chibwano chachiwiri. Choncho pemphani munthu wina akujambuleni ataima pa mita imodzi ndi theka, foni ili pa msinkhu wa maso anu, pamalo amodzi ndi nthawi imodzi ya tsiku, kutsogolo ndi cham'mbali, nkhope ili phee, mano osaluma. Pewani m'mawa kwambiri chifukwa nkhope imadzuka yotupirako, makamaka ngati usiku munadya zamchere wambiri kapena munamwa mowa. Lembani kulemera kwanu tsiku lomwelo. Pakatha milungu 20 bwerezani zonse chimodzimodzi, n'kupatsa zithunzizo munthu amene sakudziwa kuti choyamba n'chiti. Ngati sikelo yasuntha ndi makilogalamu awiri kapena atatu, zithunzizo zikukuuzani za kulemera kwanu, osati za masewero.

Pali nkhope zina zomwe siziyenera kuyesedwa masewero n'komwe. Nkhope yomwe yazungulira n'kufufuma m'miyezi yochepa mwa munthu amene akumwa mapiritsi onenepetsa ogula pamsika, kapena amene wakhala nthawi yaitali pa mankhwala monga puredinisoloni ndi dekisametazoni, yatero chifukwa cha mankhwalawo, ndipo amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi popanda dokotala. Kutupa kutsogolo kwa khutu komwe sikulimba mukaluma mano si mnofu, nthawi zambiri chimakhala chiwalo chopanga malovu, chomwe chimatupa ndi matsagwidi komanso mwa anthu omwa mowa kwambiri.

Ndipo ngati mbali imodzi ya nkhope yagwa mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, madzi akutayikira mbali imodzi pomwa, musatsegule vidiyo iliyonse. Ngati mkono kapena mwendo wafooka, kapena mawu akutuluka mokokakoka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo munthuyo apite ku Kamuzu Central kapena chipatala chapafupi nthawi yomweyo. Ngati mbali yonse yafa kuphatikizapo chipumi, diso likukana kutseka koma mikono ili bwino, nthawi zambiri umakhala mtsempha wa kumaso womwe watupa. Nayonso ndi ya kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa mkati mwa masiku atatu, ndipo diso losatsekalo limafunika kutetezedwa kuti lisaume. Ambiri amachira. Kwa omwe akuchedwa kuchira, a fiziyo amaphunzitsa masewero a kumaso, koma amakhala ang'onoang'ono, ochitidwa pang'onopang'ono pagalasi, cholinga chake chili chophunzitsa mnofu uliwonse kuyenda paokha. Kukwinya mwamphamvu ngati m'mavidiyo aja amakuletsa, poopa kuti minofu ingazolowere kuyendera limodzi, diso n'kumatsinzina lokha nthawi iliyonse munthu akamwetulira kapena kutafuna.